Mbeŵe wasanduka MbeÅµe, João wasanduka JoÃ£o: chalakwika nchani?

Funso: Ndimalowetsa mayina a alimi mu sisitimu ya kopaletivi yathu kuno kumalire a Dedza, ena mwa mamembala ndi ochokera mbali ya Mozambique. Sisitimuyo ndi ya PHP ndi MySQL. Chisinthireni seva, mayina ena akuoneka ngati MbeÅµe, JoÃ£o, Ngâ€™oma, ena Mbe?e, pomwe ena ali bwinobwino. Ndi vairasi? Tilembenso onse? Mnzanga akuti tingoika Unicode basi zitheka.

Yankho:

Achemwali, vairasi ayi, ndipo chonde musayambe kulembanso pamanja kaye, komanso amene akuyang'anira sevayo muwauze asakhudze tebulo mpaka atapanga bakapu. Mayina mwatchulawo sanaonongeke mofanana. MbeÅµe, JoÃ£o ndi Ngâ€™oma ali moyo ndithu, chilichonse chilipo kungoti chikuwerengedwa molakwika, malamulo ochepa chabe atha kuwabweza onse. Koma Mbe?e uja, ngati funsolo ndi lomwe linasungidwa mu tebulo, nde wapita, palibe katswiri angamudzutse kuchokera mu databesi imeneyo, ameneyo mukamufuna ku mafomu a pepala kapena ku bakapu yakale. Mnzanuyo sakunama kwenikweni koma mawu oti "kungoika" aja ndi amene amapweteketsa anthu, chifukwa Unicode si chinthu choika pamalo amodzi.

Tiyambe ndi chomwe kompyuta imasunga. Siyisunga chilembo, imasunga nambala, ndipo nambala iliyonse imakhala mu kabokosi kotchedwa baiti komwe kamatha kusunga kuyambira 0 mpaka 255 basi. Kuti nambalayo ioneke ngati chilembo pa sikirini pamafunika mndandanda wonena kuti nambala yakuti ndi chilembo chakuti. Zili ngati rejisitala ya kusukulu: nambala 12 mu Sitandade 5A ndi mwana wina, nambala 12 mu 5B ndi mwana winanso, nde mukalemba malikisi ndi manambala okha kenako mphunzitsi wina nkutenga rejisitala ya kalasi ina, malikisi onse apita kwa ana olakwika ngakhale palibe nambala yomwe yasintha.

Mndandanda woyamba womwe unafala ndi ASCII wa ku America, womwe unayamba mu 1963, uli ndi malo 128 okha: A mpaka Z zazikulu ndi zazing'ono, manambala, zizindikiro zochepa. Mulibe ã, mulibe ç, mulibe é. Popeza baiti imafika 255, panatsala malo ena 128, nde dera lililonse linadzazamo zilembo zake. A kumadzulo kwa Ulaya anapanga ISO-8859-1 yomwe ambiri amangoti Latin-1, a Microsoft nkupanga m'bale wake Windows-1252, ndipo makompyuta ambiri omwe anabwera m'maofesi mwathu muno amayendera umenewu. Mmenemo ã wa Chipwitikizi alimo pa nambala 227, ç alimo, é alimo. Koma ŵ wathu wa Malaŵi ndi Mbeŵe mulibe, olo mufufuze bwanji. Amapezeka mu mndandanda wina, ISO-8859-14, womwe anakonzera zilankhulo ngati Chiwelishi cha ku Britain chomwe nachonso chili ndi ŵ, koma ndani kuno anaugwiritsapo ntchito umenewo. Kusiyana kumeneku, koti ã alimo koma ŵ mulibe, mukusunge, kutithandiza kutsogoloku.

Unicode, yomwe inatuluka koyamba mu 1991, inabwera ndi ganizo losavuta: rejisitala imodzi ya dziko lonse, chilembo chilichonse nambala yakeyake yosasintha. ŵ ndi U+0175, yomwe mu mawerengedwe athu ndi 373, Ŵ wamkulu ndi U+0174, ã ndi U+00E3. Koma 373 sangalowe mu baiti imodzi eti, nde pamafunika njira yoigawira mu mabaiti angapo. Njira yomwe inapambana ndi UTF-8, anaikonza Ken Thompson ndi Rob Pike mu 1992. Zilembo za ASCII zimatenga baiti imodzi ngati kale, zina ziwiri, zina zitatu, ma emoji zinayi. ŵ amatenga ziwiri: `C5 B5`, kapena kuti 197 ndi 181. ã amatenga `C3 A3`.

Tsopano onani chimachitika pulogalamu ikalandira mabaiti awiri a ŵ aja koma ikuganiza kuti ndi Windows-1252. Kwa iyo baiti iliyonse ndi chilembo chathunthu. Iyang'ana 197, ipeza Å. Iyang'ana 181, ipeza µ. Basi MbeÅµe wabadwa. Chimodzimodzi `C3 A3` imasanduka Ã ndi £, nchifukwa chake JoÃ£o. Kachizindikiro kopindika ka mu Ng’oma kamene Word amaika yekha mukamataipa ndi U+2019, mabaiti ake atatu `E2 80 99`, nde mukuona zilembo zitatu â€™. Ndiye mukaona chilembo chimodzi chasanduka ziwiri kapena zitatu zachilendo, makamaka zoyamba ndi Ã, Å kapena â, dziwani kuti UTF-8 yawerengedwa ndi mndandanda wakale, ndipo palibe chatayika.

Chizindikiro cha funso chija ndi nkhani ina. Pamenepo pulogalamu inadziwa bwinobwino kuti chilembocho ndi ŵ, inayesa kuchimasulira kuti chilowe mu Latin-1, sichinapezeke, nde inaikapo `?` weniweni, baiti `3F`, yemweyo mumataipa pofunsa funso. Mabaiti awiri aja anatayidwa pompo. Palinso m'bale wake, kadayamondi kakuda kokhala ndi funso mkati, Jo�o, kameneko kamabwera mbali inayo, pamene baiti ya Latin-1 ngati 227 yokha yawerengedwa ngati UTF-8 nkupezeka kuti siyikukwanira. Ngati kakungooneka pa sikirini deta ikhoza kukhala ili bwino pansi, koma wina akasunga tsambalo kali pomwepo ndiye kalowa mu databesi ngati `EF BF BD` ndipo dzina lapita. Ndipo mukaona kabokosi kopanda kanthu, kawirikawiri ndi fonti chabe yomwe ilibe chithunzi cha chilembocho, sinthani fonti muone, zimenezo sizikhudza databesi.

Funso lomwe ndikudziwa likukuvutani nloti, bwanji zaka zonsezi zimaoneka bwino, zayamba titasintha seva? Apa nde pali nkhani yonse. Dzina likamachoka pa kiyibodi yanu limadutsa malo angapo: tsamba la fomu, PHP, kulumikizana kwa PHP ndi MySQL, kenako kolamu ya mu tebulo. Malo aliwonse ali ndi chikhulupiriro chake pa za mndandanda womwe ukugwira ntchito. MySQL mpaka pa 5.7 ukangoika osasintha kanthu imayamba ndi `latin1`, ndi pa 8.0 mu 2018 pomwe anasinthira ku `utf8mb4`, lomwe ndi dzina la UTF-8 mu MySQL. Nde masisitimu ambiri akale anali chonchi: tsamba likutumiza UTF-8, koma PHP siyinauze MySQL zimenezo, MySQL ikuganiza kuti ikulandira `latin1`. Yalandira `C5 B5`, mumtima mwake ikuti awa ndi Å ndi µ, yasunga. Mukafunsa dzinalo ikubwezerani mabaiti omwewo, tsamba nkuwawerenga ngati UTF-8, pa sikirini Mbeŵe wabwinobwino. Zolakwika ziwiri zimafafanizana, polowa ndi potuluka, aliyense akusangalala. Chinthu chikhoza kukhala chonchi zaka khumi osadziwika, mwina chokhacho chodabwitsa nkuti kusanja mayina mwa alifabeti kumatuluka mosokonekera pang'ono ndipo anthu amangoti ndi mmene ilili sisitimuyi.

Tsiku losamuka seva, kulumikizana kuja kwayamba kunena zoona kuti ndi `utf8mb4`. MySQL nayo ikuchita mokhulupirika, ikuti munandisungitsa Å ndi µ, nazi. Mayina akale onse aonekera poyera, pomwe omwe mwalowetsa pambuyo pa kusamuka ali bwino. Nchifukwa chake tebulo lanu lili losakanikirana. Ndipo ngati kolamu ina inatsalabe pa `latin1` pomwe kulumikizana kwasintha, ŵ watsopano aliyense wolowa mmenemo amasanduka `?`, koma João amalowa bwinobwino chifukwa ã uja alimo mu Latin-1. Mukaona mayina achipwitikizi atsopano ali bwino koma a ŵ okha ndi omwe ali ndi funso, musafufuzenso kwina, kolamuyo ndi `latin1`. MySQL ikakhala pa malamulo okhwima imakana nkomwe ndipo imakuuzani chonchi:

```
ERROR 1366 (HY000): Incorrect string value: '\xC5\xB5e'
for column 'dzina' at row 1
```

Ena uthenga umenewu ukawatopetsa amathimitsa malamulo okhwimawo kuti ntchito iziyenda, nde ntchito imayendadi, ikudya mayina mwakachetechete. Ine bola erayo.

Tsopano ntchito yeniyeni. Sikirini musaikhulupirire chifukwa imakuonetsani zomwe zamasuliridwa kale, funsani mabaiti enieni. Choyamba onani kolamu ili pa chani, kenako mutenge dzina limodzi lomwe mukulidziwa:

```sql
SHOW CREATE TABLE alimi;
SELECT dzina, HEX(dzina), LENGTH(dzina), CHAR_LENGTH(dzina)
FROM alimi WHERE dzina LIKE 'Mbe%';
```

M, b, e ndi `4D 62 65`, e womaliza ndi `65`, nde muyang'ane chomwe chili pakati. Mbeŵe wolondola mu kolamu ya `utf8mb4` atuluka `4D6265C5B565`, mabaiti 6, zilembo 5. Mukapeza `4D62653F65`, ndi uja wa funso, wapita. Mukapeza `4D62657765` ndi w wamba, mwina munthu anataipa choncho kapena pulogalamu ina inachotsa kachipewa. Zina ziwiri zotsalazo ndi zomwe zimasokoneza anthu chifukwa pa sikirini zonse zimaoneka MbeÅµe koma mankhwala ake ndi osiyana, ndipo mukasinthanitsa mankhwalawo muonjezera matenda.

Yoyamba: kolamu ndi `latin1` koma mkati muli `4D6265C5B565`. Apa mabaiti ndi olondola kale, cholakwika ndi chikwangwani chokha chomwe chili pa kolamu. Pamenepa ndi pomwe malangizo a "ingoikani Unicode" amapha, chifukwa munthu amathamangira `ALTER TABLE alimi CONVERT TO CHARACTER SET utf8mb4`, MySQL nkumasulira Å payekha ndi µ payekha, chisokonezo chija nkukhazikika. Chofunika nkusintha chikwangwani osakhudza mabaiti, ndipo njira yake nkudutsa pa mtundu wa kolamu womwe sumasulira chilichonse:

```sql
ALTER TABLE alimi MODIFY dzina VARBINARY(300);
ALTER TABLE alimi MODIFY dzina VARCHAR(100)
  CHARACTER SET utf8mb4;
```

Ngati kolamuyo inali ndi `NOT NULL` kapena `DEFAULT` muzibwereze mu malamulo onse awiri, apo ayi zichoka. Chenjezo lina, ngati mu kolamu yomweyo muli ma João atsopano omwe analowa ngati Latin-1 weniweni, ã wake ali baiti imodzi `E3`, sitepe yachiwiri iwakana kapena kuwadula chifukwa `E3` yokha si UTF-8 yovomerezeka. Amenewo muwapeze kaye, muwalembe pambali, mudzawabwezere mukamaliza.

Yachiwiri, yomwe ndikuganiza kuti ndi yanu popeza mwasamuka kale: kolamu ndi `utf8mb4` koma mkati muli `4D6265C385C2B565`, mabaiti 8, zilembo 6. Apa dzina lamasuliridwa kawiri. `C5 B5` anawerengedwa ngati Å ndi µ, kenako Å anasungidwa mu UTF-8 ngati `C3 85`, µ ngati `C2 B5`. Kubweza kwake nkuyenda chambuyo njira yomweyo: tembenuzirani ku `latin1` kuti mupeze mabaiti oyamba aja, muiwalitse MySQL kuti ndi `latin1`, kenako muiuze iwawerenge ngati UTF-8. Yambani ndi kungoona, osasintha kanthu:

```sql
SELECT dzina,
  CONVERT(CAST(CONVERT(dzina USING latin1) AS BINARY)
          USING utf8mb4) AS lokonzedwa
FROM alimi
WHERE HEX(dzina) LIKE '%C385C2B5%';
```

Mukaona kolamu ya `lokonzedwa` ikutulutsa Mbeŵe pa mzere uliwonse, mpamene mungasandutse kukhala `UPDATE`, ndi `WHERE` yemweyo. Kenako mubwereze pa mitundu ina: `C383C2A3` ndi ã, `C383C2A7` ndi ç, `C383C2A9` ndi é, ndipo kachizindikiro ka Ng’oma kamayamba ndi `C3A2E282AC`.

`WHERE` ameneyo si wokongoletsa ayi, ndi amene akuteteza mayina abwino. Mukathamangitsa lamuloli pa tebulo lonse, Mbeŵe yemwe anali wolondola adutsa mu `latin1`, ŵ wake sapezeka, asanduka `?`, ndiye kuti mwapha ndi manja anu dzina lomwe linali lamoyo. João wolondola naye atuluka `NULL` kapena wodukiza. Ndipo mwaona kuti ndikufufuza ndi `HEX` osati `LIKE '%Å%'`? Chifukwa chake nchoti MySQL 8.0 poyerekeza zilembo imayamba ndi lamulo la `utf8mb4_0900_ai_ci` lomwe silisiyanitsa A ndi Å, nde mukafufuza Å ikupatsani aBanda ndi aMwale omwe, aPhiri okhaokha ndi amene apulumuke. Zonsezi muchitire pa kope ya databesi kaye, osati pa yomwe anthu akugwiritsa ntchito Lolemba m'mawa.

Nthawi zina mukakonza kamodzi mupeza dzina likadali lachilendo koma lafupikirako. Ndiye kuti linamasuliridwa katatu, mwina wina anatsitsa bakapu nkuikwezanso molakwika, ingobwerezani pa mizere yokhayo. Pali malire ena: Windows-1252 ili ndi nambala zisanu zopanda chilembo, `81`, `8D`, `8F`, `90` ndi `9D`. Á wa Álvaro ndi `C3 81`, nde ngati dzinalo linadutsa mu pulogalamu yomwe imataya nambala zopanda chilembozo, patsala Ã yekha ndipo simungadziwe kuti anali Á kapena Í. MySQL payokha imazisunga, koma mapulogalamu ena apakati sasunga.

Za Mbe?e, musapange `REPLACE` wosintha funso lililonse kukhala ŵ olo mtima ukukuuzani kuti ambiri ndi amenewo. Tulutsani mndandanda wa mizere yonse yomwe ili ndi `?`, fufuzani bakapu yakale ya seva isanasamuke, zotsalazo ndi mafomu a pepala kapena kufunsa eni ake pa tsiku la msonkhano.

Mukachiza zakale muyenera kutseka pomwe zimalowera, ndipo apa ndi pamene Unicode imagwiradi ntchito yake. Mphamvu yake ndi yoti ngati malo onse omwe dzina likudutsa akulankhula UTF-8, palibenso kumasulira kulikonse, ndipo popanda kumasulira palibe mpata woti chilembo chisowe malo. Tsamba likhale ndi `<meta charset="utf-8">`, matebulo ndi makolamu onse akhale `utf8mb4`, ndipo chomwe amaiwala ambiri, kulumikizana kuuzidwe momveka mu kodi osadalira zomwe seva yabwera nazo:

```php
mysqli_set_charset($conn, 'utf8mb4');
```

Kwa ogwiritsa PDO ndi `charset=utf8mb4` mu mzere wolumikizira. Muzilemba `utf8mb4` osati `utf8` chabe, chifukwa mu MySQL dzina loti `utf8` kwa zaka zambiri limatanthauza mtundu wodulidwa womwe umalekera pa mabaiti atatu, wathunthuwo unabwera pa 5.5.3 mu 2010. Kunena zoona ŵ ndi ã amakwana mu wodulidwawo, nde pa mayina a alimi anu sipangakhale vuto, koma tsiku lomwe wina adzaike emoji mu kolamu ya ndemanga mudzaona era 1366 ija yabweranso.

Khomo lina lomwe ndikukayikira kwambiri mu ofesi ngati yanu ndi Excel. Fayilo ya CSV ndi mabaiti okhaokha, ilibe malo olembapo kuti ine ndine UTF-8. Mukaitsegula pongodina kawiri, Excel wa pa Windows kawirikawiri amaganiza mndandanda wakale wa kompyutayo pokhapokha fayilo iyambe ndi mabaiti atatu `EF BB BF` omwe amamuuza kuti ndi UTF-8. Nde mumatsitsa lipoti labwinobwino, mwatsegula, MbeÅµe, mwasintha manambala a foni awiri, mwasunga chisokonezocho ngati `CSV UTF-8`, mwakwezanso mu sisitimu, chisokonezo chalowa pakhomo lakutsogolo databesi ili yosalakwa. Potsegula dutsani pa `Data` kenako `From Text/CSV`, pa `File Origin` musankhe `65001: Unicode (UTF-8)`. Posunga musankhe `CSV UTF-8 (Comma delimited)`, osati CSV wamba uja, chifukwa wambayo amabwerera ku mndandanda wopanda ŵ.

Kwa amene ali pa SQL Server zimachitika mwa mtundu wina wobisika kwambiri, nditchuleko pang'ono poti maofesi ambiri ali nayo. Kolamu ya `varchar` yoyendera Windows-1252 ikalandira ŵ siyiika funso, imasankha chilembo chofanana nacho, w wamba, osanena kanthu. Palibe chachilendo pa sikirini, nde palibe amadandaula, kachipewa kangosowa basi. Kumeneko mumafunika `nvarchar`, ndipo polemba dzina mu lamulo muziika N kutsogolo, `N'Mbeŵe'`, apo ayi limaphwanyika lisanafike nkomwe pa kolamu.

Tsopano zomwe Unicode siingakuchitireni, chifukwa zilipo. ŵ atha kulembedwa njira ziwiri zonse zovomerezeka: chilembo chimodzi U+0175, kapena w wamba wotsatiridwa ndi kachipewa koyima pakokha U+0302, mabaiti `77 CC 82`. Pa sikirini nzofanana ndendende, koma pulogalamu yoyerekeza mabaiti iti ndi anthu awiri osiyana, mlimi mmodzi nkupezeka kawiri pa mndandanda wa feteleza kapena osapezeka mukamufufuza. Zimabwera kwambiri ndi mawu okopedwa ku PDF kapena ku mayina a mafayilo a pa Mac. Mankhwala ake nkuti dzina lililonse lisanasungidwe lidutse pa `Normalizer::normalize($dzina)` mu PHP, yomwe imaphatikiza ziwirizo kukhala mtundu umodzi wotchedwa NFC.

Kachizindikiro ka ng' nako kali ndi mavuto ake omwe si a Unicode kwenikweni. Ka pa kiyibodi ndi U+0027, ka Word ndi U+2019, nde Ng'oma wolowetsedwa pa fomu ndi Ng’oma wokopedwa mu kalata sakumana pofufuza. Sankhani kamodzi, ine ndimasankha ka pa kiyibodi, ndipo kodi izisintha kenako kukhala kameneko polowa. Koma ka pa kiyibodi kamathyola lamulo la SQL ngati wolemba pulogalamu amangolumikiza mawu, nde ena mwaulesi amangokachotsa kapena kuika lamulo loti dzina likhale A mpaka Z basi. Zotsatira zake Ng'oma asanduka Ngoma, lomwe ndi dzina linanso la anthu ena. Njira yolondola ndi `prepare` ndi `bind_param`, yomwe imatsekanso khomo la akuba deta. Databesi ikhoza kukhala `utf8mb4` yonse koma ngati fomu ikukana chilembo, dzina silifika.

Ndipo kunja kwa ofesi yanu kuli masisitimu omwe simungawasinthe. Mizere iwiri ya pansi pa pasipoti yomwe makina amawerenga imalola A mpaka Z, manambala ndi `<` basi, malinga ndi malamulo a ICAO, bungwe loona za ndege pa dziko lonse, nde João kumeneko ndi JOAO ndipo kachizindikiro ka ng' kamasiyidwa. SMS wamba imanyamula zilembo 160, koma mukaikamo ŵ mmodzi uthenga wonse umasamukira ku mtundu wina womwe umanyamula 70 zokha, nchifukwa chake ena otumiza mauthenga ambirimbiri amachotsa tizipewa kuti asalipire kawiri. Mabanki akale nawo ali ndi zawo, ku Belgium mu 2019 khoti la apilo la ku Brussels linagamula kuti banki ina ikonze dzina la kasitomala lomwe imalilemba lopanda tizizindikiro take, bankiyo itadandaula kuti makina ake akale oyendera mndandanda wotchedwa EBCDIC sangathe, khoti silinamve zimenezo. Kwa inu njira yake ndi yoti dzina lenileni likhale mu kolamu yake mmene mwini wake amalembera, ndipo ngati banki kapena kampani ya mauthenga ikufuna zilembo wamba, kope yophweka ipangidwe potuluka kapena mu kolamu yachiwiri. Kuchoka pa Mbeŵe kupita pa Mbewe makina amatha okha, kubwerera sangathe, chifukwa alipo ambiri omwe dzina lawo amalilemba ndi w wamba ndipo nawonso akulondola.

Ena adzakuuzani kuti tizipewa timavutitsa pofufuza, bola kungotichotsa. Sizoona pa MySQL 8.0, lamulo la `utf8mb4_0900_ai_ci` lija lomwe linatisokoneza pofufuza Å ndi lomwelo limapangitsa kuti mukataipa Mbewe mupeze onse awiri, Mbewe ndi Mbeŵe, mukataipa Joao mupeze João. Ingosamalani kuti kolamu ya dzina isakhale `UNIQUE`, chifukwa iziwaona ngati munthu mmodzi nkukana wachiwiri.

Kataipidwe kake, poti mwina mudzafunika kubwezeretsa aja a funso: mu Word taipani `U+0175` kenako `Alt+X`, asanduka ŵ, mukopere mu fomu. Musasiye `U+` uja, chifukwa mukataipa Mbe0175 Word amatenga b ndi e ngati mbali ya nambala nkukupatsani zina. Mukamaliza kukonza zonse, lowetsani mlimi wabodza dzina lake `Ŵŵ João Conceição Ng'oma Álvaro`, mumuyendetse njira yonse: fomu, kufufuza, kusintha nambala yake ya foni nkusunganso, lipoti la PDF, kutsitsa CSV, kutsegula mu Excel, kukwezanso, kupanga bakapu nkuibwezeretsa pa kompyuta ina. Pa sitepe iliyonse muone `HEX` yake, iyenera kuyamba ndi `C5B4C5B5`. Sitepe yomwe yasintha nambala zimenezi ndi yomwe muwaonetse a sevawo.